Anakana Kutalikitsa Chingelezi

Okondedwa achimwene ndi alamu anga,

Ndayamba ndi kupereka moni kwa inu nonse a m'nyumba mwanu, kuyambira inu eni ake kufikira kamdzukulu kaja kamene sindinakanyamulepo. Ndikhulupirira kuti mwendo wa alamu unasiya kutupa, ndiponso kuti kuzizira kwa kumeneko sikukukusautsani monga chaka chatha. Kuno tili bwino, kupatula maso angawa, amene tsopano amafuna kuti pepala ndiliike patali ngati ndadana nalo. Mlongo wathu akupereka moni, ndipo akuti mankhwala aja analandira.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Ndamva kuti kumeneko kwafika mphekesera yakuti mwana wa mlongo wathu, woyamba uja, wachita manyazi kuntchito chifukwa Chingelezi chinamuthawa. Bodza likayenda mtunda wautali limafika litavala jekete, choncho ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni ndekha. Zimene ndilembe ndinazimva kwa iye mwini, ndiponso kwa makaniko wa pakampani pawo, amene analipo pa zonse ndipo pakamwa pake sipasunga kanthu.

Inu munachoka mwanayu akadali wa sukulu, koma mukukumbukira kuti anzake ankamutcha Dikishonale. Ankawerenga buku la matanthauzo a mawu lija monga ena amawerengera nkhani zachikondi, ndipo akakwiya ankakalipira ang'ono ake m'mawu amene ngakhale aphunzitsi ake ankayamba akawafufuza. Atakula anaphunzitsa Chingelezi ku sekondale kwa zaka zambiri. Ana amene anadutsa m'manja mwake lero ena ndi maloya, ena amawerenga nkhani pa wailesi. Atabadwa mwana wake wachiwiri, malipiro a uphunzitsi anachepa, ndipo analowa ntchito pakampani ina yogulitsa mauvuni ndi makina okandira ufa wa buledi.

Ntchito yake inali yofunafuna anthu amene sanagulepo kanthu koma angathe kugula. Ankawalembera uthenga pa foni kapena pa kompyuta, kupempha tsiku lokawaona, kenaka n'kupita ndi mapepala ofotokoza katundu. Mudziwe kuti mabekale ambiri a mumzinda muno ndi a anthu amene anachokera kumaiko ena. Chilankhulo chathu sachidziwa bwino, chathu ndi chawo sizimvana, ndiye pokumanira pamakhala pa Chingelezi, chimene iwo anachiphunzira atakula, m'misika ndi m'malire a maiko. Uthenga amawerenga ataimirira pafupi ndi moto, foni ili m'dzanja la ufa, wantchito akufunsa za yisiti kumbuyo.

Miyezi yoyamba analemba monga anazolowera. Makalata ake anali okoma moti ine ndinkawapempha kuti ndiwawerenge, ngakhale ndilibe bekale. Koma mayankho sankabwera. Tsiku lina anapatsa mwini bekale wina pepala lotero m'manja, n'kuimirira chete kumuyang'ana. Bamboyo ankawerenga akutsatira ndi chala. Chala chinayenda pamzere woyamba, pamzere wachiwiri chinaima, chinabwerera, chinaimanso pamalo omwewo. Kenaka bamboyo anamwetulira, nati zili bwino kwambiri, zikomo, ndiganizira. Anapinda pepalalo n'kuyamba kudzikupiza nalo.

Madzulo a tsikulo anadzera kwathu, nandiuza kuti: "Amalume, munthu wamkulu akapanda kumva sanena kuti sindinamve. Amanena kuti zikomo, ndiganizira, kenaka foni yake imasowa netiweki mpaka kalekale."

Kuyambira pamenepo anasintha kagwiridwe ka ntchito. Pepala lililonse latsopano ankapita nalo kwa ophika buledi amene anazolowerana nawo, n'kuwapempha kuti awerenge iye akuona. Sankafunsa kuti mwamva, pakuti yankho lake limakhala inde nthawi zonse. Ankangoyang'ana chala. Pamene chala chaima, ankalembapo kadontho, ndipo akafika kunyumba liwulo ankalichotsa n'kuikapo lina limene munthu amakumana nalo tsiku ndi tsiku. Chiganizo chilichonse chinkanyamula mfundo imodzi. Miyambi ndi zining'a za Chingelezi, zimene kale ankazinyadira, anazitaya zonse. Mawu ofupikitsidwa kukhala zilembo zokhazokha anawamasula. Chinthu akachitcha uvuni pamzere woyamba, chinkakhalabe uvuni mpaka pomaliza, osati pena makina, pena chipangizo, pakuti wowerenga angayese kuti ndi zinthu zitatu. Tsiku ankalemba ndi dzina la mwezi, chifukwa maiko ena amayamba ndi mwezi, ena ndi tsiku. Pomaliza ankapempha chinthu chimodzi chokha. Asanatumize, ankaika uthengawo m'foni kuti iumasulire m'chilankhulo china n'kuubwezanso, popeza ankadziwa kuti ambiri mwa anthu ake amachita zomwezo. Ukabwerako wopunduka, ankaulembanso.

Uthenga wina umene anandionetsa, ndikaubweretsa m'chilankhulo chathu, unkati: "Moni. Ndimagulitsa mauvuni a buledi. Ndinaona kuti uvuni wanu umapsereza buledi wa kumbuyo. Tili ndi uvuni umene umatentha mofanana paliponse. Ndikufuna kukuonetsani. Kodi ndibwere Lachiwiri m'mawa? Yankhani inde kapena ayi."

Ine, amene ndinakhala moyo wanga wonse pakhonde ndikulembera anthu makalata, zimenezi sizinandikomere, ndipo mpaka lero kalata yopanda moni wokwanira imandiwawa m'maso. Ndinamufunsa kuti: "Mwana wa mlongo wanga, ulemu uli pati m'timizere timeneti? Ukulembera anthu akuluakulu, eni chuma."

Iye anati: "Amalume, inu munkalembera anthu amene ankakhala pansi n'kuwerenga m'chilankhulo cha amayi awo. Wanga uyu akalandira kalata yoti sangaimve, ayenera kuitana wantchito wake kuti amuwerengere, pamaso pa antchito ena. Ulemu umenewo ndi wotani? Ulemu wanga ndi wakuti awerenge yekha, amve yekha, akane yekha ngati akufuna kukana."

Sitinagwirizane, koma tiyi tinamwera limodzi.

Kuntchito dzina lija la Dikishonale silinafikeko. Kumeneko anamutcha Mayi Chidule. Mnzake wina wa malonda, ataona kuti mayankho ayamba kubwera, anafuna kutengera. Koma iye anayesa kuti chinsinsi chake ndi kuthyola Chingelezi, ndiye ankalankhula ndi alendowo mokuwa, m'mawu oduladula, monga munthu wolankhula ndi mwana wosamva. Mayi Chidule anamuimitsa pakhomo la ofesi, nati: "Achimwene, amene mwangomukuwirayo amalankhula zilankhulo zinayi, inu ziwiri, ndipo chachiwiricho mwachithyola miyendo. Chingelezi chosavuta si Chingelezi chodwala. Lankhulani cholondola, pang'onopang'ono, ndipo muzipuma." Mnzakeyo anamunyanyala sabata yathunthu.

Zinayenda chomwecho kwa zaka zingapo. Sindinena kuti analemera, koma ana ankapita kusukulu, ndipo denga la nyumba ya amayi ake analikonza.

Chaka chatha mwini kampani, amene ndi munthu wokalamba ngati ife, analemba ntchito bwana watsopano woyang'anira malonda. Antchito anamutcha Bwana Tayi, chifukwa ngakhale polowa m'nyumba yosungira katundu, mmene mumatentha ngati m'ng'anjo, tayi sankavula. Ndikufuna ndimuchitire chilungamo munthuyu, pakuti si chitsiru ndipo si wakuba. Anabwera ndi cholinga chakuti kampani iyambe kugulitsa kumahotela akuluakulu, ndipo kumeneko anthu ogula amayang'anadi kavalidwe ka kalata. Zinachitikadi kuti wogulira katundu hotela ina analandira uthenga wa Mayi Chidule n'kuutumiza kwa Bwana Tayi ndi funso lakuti kodi pakampani panu makalata amalemba ndi ana a pulayimale. Bwana Tayi zinamupweteka, ndipo munthu aliyense zikanamupweteka.

Ndiye anaitanitsa akatswiri ena kuti alembe mawu amodzi oti aliyense wa malonda azitumiza kwa aliyense, wa hotela kapena wa bekale, osasintha ngakhale kadontho. Anasonkhanitsa onse m'chipinda cha misonkhano, mmene muli tebulo lalitali ndi bolodi loyera lolembapo mayina a oyembekezeka kugula, n'kuwawerengera mawuwo ataimirira. Makaniko akuti chiganizo choyamba chinali chachitali moti bwanayo anapumira pakati kawiri.

Atamaliza anafunsa ngati pali funso. Mayi Chidule anakweza dzanja.

"Bwana, mawuwa ndi okongola, ndipo kumahotela agwira ntchito. Koma ndawaika m'foni kuti iwamasulire monga amachitira anthu anga. Pamene tanena kuti uvuni wathu wasintha zinthu pa malonda a buledi, akatswiriwo agwiritsa ntchito chining'a cha zamasewera. Foni ikuti timagulitsa zida za mpira."

Anthu anaseka, makaniko mpaka anagunda tebulo. Bwana Tayi sanaseke.

"Mayi, kampani imodzi, mawu amodzi. Sitingatsitse kampani yonse chifukwa cha anthu amene safuna kuphunzira."

"Sakukana kuphunzira, bwana, akuphika buledi. Ine ndinali mphunzitsi, ndipo ndikadafuna kuwapatsa mayeso ndikadakhala kusukulu konkuja. Kuno ndinabwera kudzagulitsa uvuni."

"Ndamva kuti munali mphunzitsi. Ndiye tionetseni Chingelezi chimene munkaphunzitsacho."

"Chilipo, bwana, ndachisunga m'sutikesi ngati diresi la ukwati. Sindipita nalo kukhitchini."

Anauzidwa kuti atsatire lamulo. Kumahotela anatsatiradi, pakuti anavomereza kuti kumeneko analakwitsa poyeza munthu wolandira. Koma kwa ophika buledi anapitiriza kutumiza timizere take, ndipo sanabise. Bwana Tayi anamuchenjeza pakamwa, kenaka anamuchenjeza polemba, namuuza kuti kachitatu kadzakhala komaliza. Mwamuna wake anamupempha kuti agonje. Amayi ake anabwera kwa ine akulira kuti ndikalankhule naye monga malume. Ndinapita, ndinalankhula, ndipo anandimvetsera mwaulemu manja ali pamiyendo. Nditamaliza anati: "Amalume, pansi pa uthengawo pamakhala dzina langa. Ndingalembe bwanji dzina langa pansi pa mawu amene ndikudziwa kuti wolandirayo sawamva?" Ndinabwerera ndi chipewa changa m'manja.

Tsopano ndifike pa tsiku limene zinthu zinasweka. Panali mayi wina wochokera kudziko lina, mwini bekale yaikulu ya kuseri kwa siteji ya basi, amene antchito ake amamutcha Madamu. Mayi Chidule anakhala akumuyendera kwa nthawi yaitali, ndipo Madamu anayamba kuonetsa chidwi pa uvuni waukulu kuposa onse, wa magetsi, wolowetsa mashelefu athunthu a buledi. Malonda otero sabwera kawirikawiri. Bwana Tayi ananena kuti apita iye mwini kukamaliza nkhaniyo, kuti Mayi Chidule aone mmene amalankhulira ndi munthu wa chuma. Ananyamuka atatu pa galimoto ya kampani: bwanayo, Mayi Chidule, ndi makaniko, amene ankakayeza malo.

Madamu anawalandirira m'kachipinda ka kumbuyo, mmene muli tebulo lachitsulo, matumba a ufa osanjikizana mpaka kudenga, ndi kawindo kamodzi koyang'ana kumene amakandira. Makaniko anayeza khomo, anayeza pansi, kenaka anatsegula bokosi la magetsi pakhoma. Anabwerera n'kunong'oneza anzakewo m'chilankhulo chathu kuti nyumbayo ili ndi magetsi wamba a m'nyumba, pamene uvuni waukuluwo umafuna magetsi amphamvu a m'mafakitale, ndipo popanda amenewo sungayake n'komwe.

Bwana Tayi anati: "Ndikudziwa. Zili m'mapepala, ndipo ndinena."

Ndipo ananenadi, achimwene, pamenepa ndisamunamizire. Analankhula kwa nthawi yaitali, mofulumira, m'Chingelezi chosalala ngati cha pa wailesi. Nkhani ya magetsi anaitchula pakati pa chiganizo chachitali, m'mawu a amisiri ndi zilembo zofupikitsa, n'kupitirira kukamba za ubwino wa kampani. Madamu ankagwedeza mutu, akumwetulira, n'kumati inde, inde, zabwino. Bwanayo anatulutsa pangano, naloza posaina, napereka cholembera chake. Madamu anachilandira.

Makaniko akuti anayang'ana Mayi Chidule n'kuona kuti wagwira chikwama chake ndi manja onse awiri. Kenaka anamva akulankhula, m'Chingelezi chodekha, liwu limodzilimodzi:

"Madamu, ndili ndi funso limodzi. Uvuni ukafika, tidzaulumikiza pati?"

Madamu anadzuka mosangalala, napita pakhoma, naloza soketi imene amalumikizapo firiji. "Apa," anatero.

Bwana Tayi ananena m'chilankhulo chathu, mano ali pamodzi, kuti: "Mayi, khalani chete. Za magetsi akakonza pambuyo pake. Anthu onse amatero."

"Akakonza akadziwa, bwana. Panopa sakudziwa."

Mayi Chidule anang'amba pepala m'kope lake, nalemba mizere yochepa ndi zilembo zazikulu bwino, naika patebulo patsogolo pa Madamu. Mizereyo inkati uvuni uwu umafuna magetsi amphamvu a m'mafakitale. Nyumba yanu ilibe magetsi amenewa. Popanda magetsi amenewa, uvuni sungagwire ntchito. Muyenera kupempha magetsiwa ku kampani ya magetsi, ndipo mudzalipira nokha.

Madamu anaika chala pamzere woyamba. Chala chinayenda mpaka pansi osaima paliponse. Anawerenganso kachiwiri. Kumwetulira kuja kunachoka, koma sanakwiye. Anatembenukira kwa makaniko n'kufunsa kuti magetsi otero amatenga nthawi yaitali bwanji kuti abwere. Makaniko, amene Chingelezi chake n'cha sipanala ndi waya, anayankha zoona: palibe amene angalonjeze, ndiponso mwini nyumba ayenera kuvomera. Madamu anati nyumbayo ndi ya lendi, ndipo mwini wake sagwirizana naye. Mayi Chidule anatchula uvuni wina wocheperapo, wa gasi, koma Madamu anati wa msinkhu umenewo ali nawo kale. Anaika cholembera patebulo, nachikankhira kwa Bwana Tayi ndi zala ziwiri.

"Ayi," anatero. "Zikomo. Tsopano ndamva. Ayi."

Anawaperekeza mpaka pakhomo, nawapatsa aliyense buledi wotentha m'pepala. Bwana Tayi anakana wake. Makaniko analandira awiri, akuti kuti mayiyo asakhumudwe.

M'galimoto bwanayo sanadikire kuti injini ilire.

"Mwataya malonda aakulu kuposa onse a chaka chino! Munthu anali atagwira kale cholembera!"

"Anagwira cholembera, bwana, koma nkhani sanaigwire."

"Ndinamuuza! Makaniko, kodi sindinanene za magetsi?"

"Munanena, bwana," anatero makaniko, buledi ali m'kamwa. "Ngakhale ine ndinamva mochedwa, chonsecho magetsi ndi ntchito yanga."

"Anati inde! Kangati konse anati inde!"

"Inde ameneyo ndi wa ulemu," anatero Mayi Chidule. "Amatanthauza kuti ndikukumvetserani, pitirizani. Sitikanamugulitsa uvuni, tikanamugulitsa kabati yachitsulo yodzaza theka la chipinda."

"Ameneyo ndi munthu wamkulu, wa bizinesi. Kuwerenga pangano ndi udindo wake."

"Ndipo wawerenga, bwana. Wawerenga n'kukana. Chimene chakupwetekani n'chakuti wamva."

Atanena mawu omalizawa, makaniko akuti anadziwa kuti ntchito ya mayiyu yatha, ndipo anangoyang'ana msewu.

M'mawa mwake anaitanidwa ku ofesi ya mwini kampani, kachipinda ka pamwamba pa nyumba yosungira katundu, kodzaza ndi makatalogi akale ndi zitsulo za makina. Mkuluyo anamvetsera mbali zonse, akupukuta magalasi ake. Ananena kuti pa za magetsi mayiyo sanalakwe, ndipo iye mwini sakanakonda kuona uvuni wake utakhala osayaka m'nyumba ya munthu. Koma anati kutsutsa bwana pamaso pa wogula ndi mlandu, ndipo kukana lamulo la kampani kachitatu ndi mlandu wina. Anapereka njira yopulumukira: apepese kwa Bwana Tayi, ndipo alonjeze kuti kuyambira tsikulo azitumiza mawu ovomerezeka okha kwa aliyense.

Mayi Chidule anaimirira, natembenukira kwa bwanayo, nati: "Bwana, pokulankhulani mopyola muyezo m'galimoto, ndinalakwa, ndipo ndapepesa. Pokuchititsani manyazi pamaso pa Madamu, ndikadapeza njira ina ndikadaitenga, koma cholembera chinali kale m'manja." Kenaka anatembenukira kwa mkuluyo. "Koma chachiwiricho, bambo, sindingalonjeze. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mahotela alandire mawu a akatswiri. Pangano likhale mmene maloya analilembera, sindikhudza ngakhale liwu. Koma ophika buledi ndiziwalembera tsamba limodzi loti alimve, ndipo bwana aziliona ndisanatumize."

Mkuluyo anayang'ana Bwana Tayi. Bwanayo anati akalola mmodzi, mawa aliyense adzalemba zake, ndipo kampani idzabwerera kumene inachokera. Anawonjezera kuti ngati mawu ake sagwira ntchito pa wantchito mmodzi, ndiye kuti iye alibe ntchito pamenepo. Mkuluyo anavalanso magalasi ake. Tsogolo la kampani anali ataliika kale kumahotela ndi mwa munthu ameneyu.

"Mwana wanga," anatero, "uli ndi ana. Tumiza mawuwo, ukakafika kumeneko uziwafotokozera pakamwa. Ndani adzadziwe?"

"Sindidzafikako, bambo. Munthu amene sanamve uthenga sanditsegulira khomo. Ndipo amene angatsegule adzakhala wonga Madamu, womwetulira ndi cholembera m'manja. Ine ndidzadziwa."

Pamenepo mkuluyo anamupempha kuti alembe yekha kalata yosiya ntchito, kuti mbiri yake ikhale yoyera akamakafuna ntchito kwina. Anali kumuchitira chifundo monga mmene iye ankaonera. Mwana wa mlongo wathu anakana.

"Sindikusiya, bambo. Ntchitoyi ndimaikonda ndipo ndimaidziwa. Ngati mukundichotsa, ndichotseni, ndipo mulembe chifukwa chake chenicheni. Mulembe kuti anakana kutumizira anthu mawu amene sangawamve. Ndidzapita nayo kalatayo kulikonse, ndipo sindidzaibisa pansi pa mapepala ena."

Anaika makiyi a kabati ndi foni ya kampani patebulo, natsika masitepe. Makaniko anamunyamulira katoni ya zinthu zake mpaka pa siteji, ndipo akuti njira yonse mayiyo sanagwetse msozi, koma iye mwini ndiye anafunikira kampango.

Kalata yomuchotsa inabwera patapita masiku. Inali yaitali, ya Chingelezi chapamwamba, ndipo chifukwa chinalembedwa kuti ndi kusamvera malangizo a akuluakulu. Anabwera nayo kwathu, nandiwerengera yonse mokweza ndi katchulidwe kake ka uphunzitsi kaja, osapunthwa paliponse, mpaka mkazi wa mnansi wanga anasuzumira pawindo kuyesa kuti ndatsegula wailesi.

Umu ndi mmene zinathera, ndipo sindikometsera. Ntchito ija inapita ndipo sanamuitanenso. Madamu sanagule uvuni kwa wina aliyense, ndipo sanabwere kudzamupulumutsa, pakuti mwina sadziwa n'komwe zimene zinatsatira. Kampani ija ikuyenda, ndipo ndamva kuti kumahotela zikuwayendera. Kunyumba kwa mwanayu zinthu zathina. Mwana wamkulu anamusamutsira kusukulu yapafupi, ndipo mwamuna wake anakhala masiku ambiri akulankhula ndi khoma, ngakhale tsopano ayambanso kuseka. Wamalonda wina wa yisiti ndi mathireyi ophikira wamupatsa kaganyu kolipidwa malinga ndi zimene wagulitsa. N'kochepa. M'mawa uliwonse amakhala patebulo la pabalaza ndi foni yake yakale, kulemba timizere take, kenaka amavala nsapato zafulati n'kuyamba kuyenda m'mabekale.

Sabata yatha amayi ake anamufunsa, ine ndili pomwepo, ngati sakudandaula. Anayankha kuti: "Amayi, ndimadandaula tsiku lililonse ndikatsegula kabati ya kukhitchini. Koma akandiitana mawa ndi lamulo lomwelo, ndidzawayankha chimodzimodzi, ndipo yankho lake ndi lalifupi."

Sindikulemba kuti mutumize kanthu, ndipo iye akamva kuti ndapempha adzandikwiyira. Ndikulemba kuti dzina lake lisadetsedwe ndi anthu amene sanaonepo ngakhale khomo la bekale. Ine ndekha ndikadali munthu wa makalata aatali, monga mukuonera, ndipo ndidzafa wotero. Koma mwana ameneyu ndaima naye, ndipo amene akufuna kumunyoza ayambe wadzera kwa ine.

Chonde kalatayi isathere m'manja mwanu. Muwawerengere azakhali a anawa, pang'onopang'ono popeza makutu awo analemera, ndipo muitumizenso kwa msuweni wathu wa kufakitale uja, amene ndikumuganizira kuti ndiye ananyamula mphekeserayi. Mumuuze kuti mmene anayendera nalo bodza khomo ndi khomo, ayendenso chomwecho ndi zoona zake. Ena onse amene amatifunsa, muwauze kuti tili moyo ndipo mitu yathu ili chiimire.

Ndine mbale wanu wokukumbukirani masiku onse,
Malume wa anawa.